Mafainolo atatu pa deti limodzi: mmene ndimapezera nthawi yeniyeni yoyambira

Lamulungu la pa 14 Julayi 2024 linali ndi mafainolo atatu akuluakulu. Ku London kunali fainolo ya tenisi ya amuna ya Wimbledon, pakati pa Carlos Alcaraz ndi Novak Djokovic. Ku Berlin, Spain inkalimbana ndi England pa chikho cha mpira wamiyendo cha mayiko a ku Ulaya. Ku Miami, Argentina ndi Colombia ankalimbirana chikho cha Copa América. Onse atatu ankalengezedwa ndi deti limodzi, koma kwa ife amene wotchi yathu imatsata nthawi ya pakati pa Africa, fainolo yachitatuyo sinaseweredwe Lamulungu. Inaseweredwa Lolemba.

Pagulu la anzanga okonda masewero, funso loti ziyamba nthawi yanji limakonda kubwera kwa ine, chifukwa ntchito yanga imandikumanitsa pa intaneti ndi anthu a m'mayiko akutali, ndiye kuwerengera maola ndinakuzolowera. Kutatsala masiku ochepa kuti Lamulungu lija lifike, alamu anga ananditumizira chithunzi cholengeza fainolo ya ku Miami. Pachithunzipo panali polembedwa `Sunday 8PM ET`. Kenaka anaimba foni, mawu ali odandaula.

“Alamu, mwaziona izi? Argentina ikuyamba 8 koloko madzulo, Spain 9 koloko. Ndiye tionera uti? Kanema ndi mmodzi.”

“Musadandaule alamu, muonera yonse iwiri,” ndinawayankha. “Koma Loweruka mugone mokwanira, chifukwa wa Argentina ukupezani usiku kwambiri.”

Iwo anawerenga 8 koloko ija ngati ya pawotchi yawo, ndipo palibe chachilendo pamenepo. Diso limathamangira pa nambala, zilembo ziwiri za kumapeto zija n'kuzisiya. Komatu zilembozo ndi zimene zikunena kuti 8 kolokoyo ndi ya wotchi ya ndani. Nthawi yolembedwa popanda kunena dera lake ndi theka chabe la uthenga.

Chimene ndikufuna kukugawirani ndi ichi: musaloweze pamtima kuti dziko lakuti timasiyana nalo maola akuti. Kusiyanako kumasintha pakati pa chaka, ndipo kumasintha popanda wokudziwitsani. Njira imene sinandigwiritsepo mwala ndi yodutsa pa nthawi ya dziko lonse, ija amailemba kuti UTC, ndipo podutsapo muzinyamula ola limodzi ndi tsiku lake.

UTC ili ngati mwala wa malire pamene aliyense amayambira kuyeza munda wake. Siisuntha chaka chonse. Dera lililonse limadziwika ndi maola amene lili patsogolo kapena pambuyo pa nthawi imeneyi. Mayiko a kum'mawa dzuwa limawatulukira msanga, choncho ali patsogolo ndipo amalembedwa ndi chizindikiro chophatikiza, monga UTC+3. Mayiko a kumadzulo, monga onse a ku America, ali pambuyo ndipo amalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, monga UTC-4. Nthawi yathu ya pakati pa Africa, imene pafoni imaoneka ngati CAT, ndi UTC+2, ndipo imakhala choncho kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ngati mukuwerenga muli kwina, pezani nambala ya kumene muliko, muziika m'malo mwa 2 paliponse pamene ine ndaika 2. Mukamaona GMT pa zolengeza, pa nkhani ya masewero mutha kuitenga ngati UTC yomweyo.

Mawerengedwe ake ali pawiri. Choyamba, bwezani nthawi ya kubwalo ija ifike pa UTC: ngati malowo ali patsogolo, chotsani maola awo, ngati ali pambuyo, wonjezerani. Chachiwiri, kuchokera pa UTC wonjezerani maola a kwanu. Musanayambe, sinthani nthawiyo ikhale ya maola 24, kuti 8 koloko madzulo ikhale 20:00. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa kuphatikiza maola pa nambala zobwerera pa 12 n'kumene kumasokoneza anthu ambiri.

Tiyeni titenge mafainolo atatu aja mmene ndinawalembera papepala tsiku limenelo.

Wimbledon inalengezedwa kuti iyamba 2 koloko masana ku London. M'mwezi wa Julayi London sikhala pa GMT, imakhala pa nthawi yake ya m'chilimwe, BST, yomwe ndi UTC+1. Ndiye 14:00 kuchotsa ola limodzi ndi 13:00 UTC. Kuwonjezera maola athu awiri, 15:00. Tenisi inali ya 3 koloko masana, Lamulungu.

Fainolo ya ku Berlin inali ya 21:00 CEST. Imeneyi ndi nthawi ya m'chilimwe ya pakati pa Ulaya, UTC+2. Kuchotsa awiri ndi 19:00 UTC, kubwezerapo athu awiri ndi 21:00. Pa nyengo imeneyo wotchi ya ku Berlin ndi yathu zimayendera limodzi, moti 9 koloko yawo inali 9 koloko yathu.

Tsopano Miami. Zilembo ET zikuimira nthawi ya kum'mawa kwa United States, dera la New York, Washington ndi Miami. M'chilimwe nthawiyi imatchedwa EDT ndipo ndi UTC-4. Popeza ali pambuyo, timawonjezera: 20:00 kuphatikiza maola anayi ndi 24:00. Apa m'pofunika kuima kaye. 24:00 ya Lamulungu ndi 00:00 ya Lolemba. Tsiku latembenuka, deti lachoka pa 14 lafika pa 15. Kuwonjezera maola athu awiri, tikupeza 02:00, Lolemba pa 15 Julayi.

Ndinawaimbiranso alamu aja n'kuwauza kuti wa Argentina ndi wa 2 koloko Lolemba. Yankho lawo linandionetsa kuti vuto silinathe.

“Chabwino alamu, ndiye kuti Lolemba ndikaweruka kuntchito ndigone kaye pang'ono, kenaka ndidzuke usiku.”

“Ayi alamu, mukatero mudzaupeza utatha kalekale. Ndi usiku womwewo wa Lamulungu. Mukatha kuonera Spain, mudikire maola atatu, wa Argentina uyamba. Kungoti pakalendala likhala litalowa kale Lolemba.”

Msampha umenewu ndi woopsa kuposa kulakwitsa ola, chifukwa wolakwitsa ola amapezako chigawo chachiwiri, pamene wolakwitsa tsiku amangomva zotsatira. M'kalankhulidwe kathu usiku timaupatsa dzina la tsiku limene lapitalo. Munthu akati Lolemba usiku, tonse timamva usiku wotsatana ndi masana a Lolemba. Koma kalendala ndi foni zimatembenuza tsiku pa 12 koloko usiku, anthu ali mtulo. Choncho 2 koloko ya Lolemba pa foni ndi imene pakamwa timaitcha Lamulungu usiku. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikamalembera anzanga nthawi iliyonse ya pakati pa 12 koloko usiku ndi m'bandakucha, ndimatchula masiku onse awiri: usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba, 2 koloko. Ndikalemba choncho palibe amene amafunsanso kachiwiri.

Zochitika zambiri za madzulo ku America zimatipeza chonchi. Fainolo ya mpira wa ku America ya Super Bowl ya pa 9 Febuluwale 2025 inalengezedwa kuti ndi ya 6:30 madzulo ET. M'Febuluwale dera lija lili pa EST, UTC-5, ndiye 18:30 kuphatikiza asanu ndi 23:30 UTC, kuphatikiza awiri ndi 01:30, deti litasintha kale kukhala 10. Za kum'mawa zimabwera mosiyana, zimatipeza kukadali masana. Fainolo ya chikho cha dziko lonse cha mpira wa amayi, pa 20 Ogasiti 2023 ku Sydney, inayamba 8 koloko madzulo kumeneko. Sydney m'Ogasiti ili pa UTC+10, choncho inali 10:00 UTC, kwathu 12 koloko masana. Amene anaidikirira madzulo anapeza Spain itanyamula kale chikho.

Mwina mwaona kuti Miami ndinaiwerengera maola anayi m'Julayi, koma dera lomwelo m'Febuluwale ndaliwerengera asanu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono.

Mayiko ambiri a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka. Kukamayandikira chilimwe chawo amapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi kuti kuzichedwa kuda madzulo, ndipo kukamalowa nyengo yozizira amaibwezera. Ife sitisuntha. Ndiye kusiyana kwa ife ndi iwo kumakhala kwina miyezi ina, kwinanso miyezi ina. Okonda mpira wa ku Ulaya amazidziwa bwino izi ngakhale ena sanafunsepo chifukwa chake. Masewero a usiku a Champions League amayamba 9 koloko pa wotchi ya pakati pa Ulaya. Mu Seputembala ndi mu Epulo amatipeza 9 koloko, koma mu Novembala ndi mu Febuluwale amatipeza 10 koloko. Okonza mpikisano sanasinthe kanthu. Yasuntha ndi wotchi ya kumeneko, kuchoka pa CEST, UTC+2, kubwerera pa CET, UTC+1. London nayo imachoka pa BST kubwerera pa GMT, moti m'chilimwe chawo timasiyana nayo ola limodzi, m'nyengo yozizira maola awiri.

Masiku osinthira ndi odziwika ndipo ndi bwino kuwasunga. Ku Ulaya amapita patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kubwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ku United States amapita patsogolo Lamulungu lachiwiri la Malichi, n'kubwerera Lamulungu loyamba la Novembala. Mukaonetsetsa muona kuti masikuwa sakugwirizana. Mu 2025 America inasintha pa 9 Malichi pamene Ulaya anasintha pa 30 Malichi, ndipo pobwerera Ulaya anasintha pa 26 Okutobala, America pa 2 Novembala. M'milungu ya pakatiyo ngakhale anthu ozolowera amasokonezeka, chifukwa kusiyana kwa London ndi New York kumene onse anakuloweza kuti ndi maola asanu kumakhala anayi. Wolemba cholengeza akawerengera mwachizolowezi, amalemba nthawi ziwiri zotsutsana pa chithunzi chimodzi.

N'chifukwa chake funso loyenera si lakuti mzinda wakuti uli pa maola angati lero. Funso ndi lakuti udzakhala pa maola angati pa tsiku la masewerolo. Mukagula tikiti ya konsati mu Febuluwale, konsatiyo ili ya mu Epulo, wotchi ya mizinda ya pafoni yanu ikuonetsani kusiyana kwa lero, osati kwa tsikulo. Kumwera kwa dziko zinthu zimayenda mobwerera: Sydney imapita pa UTC+11 kuyambira Lamulungu loyamba la Okutobala mpaka Lamulungu loyamba la Epulo. Pamene mayiko ngati Japan, South Korea, India ndi Qatar sasuntha n'komwe, ndiye awo ndi osavuta. Fainolo ya chikho cha dziko lonse ya pa 18 Disembala 2022 ku Lusail inali ya 6 koloko madzulo pa UTC+3, kutanthauza 15:00 UTC, kwathu 5 koloko madzulo, ndipo panalibe chokayikitsa.

Nkhani ya mawotchi osunthayi ndinaionera pafupi pa konsati ya pa intaneti imene mwana wa mchemwali wanga anagulira tikiti. Inali ya Lachisanu lina pakati pa Malichi, ndipo woimbayo ankaulutsira ku Los Angeles. Pa chithunzi cholengeza panalembedwa `Friday 7PM PST`. Mwanayu ndi wochangamuka, anafufuza yekha n'kupeza kuti PST ndi UTC-8. Anawerengera bwinobwino: 19:00 kuphatikiza asanu ndi atatu ndi 03:00 UTC Loweruka, kuphatikiza awiri ndi 5 koloko m'mawa. Anabwera nacho chipepalacho kuti ndingotsimikiza.

“Amalume, ndapeza 5 koloko m'mawa Loweruka. Ndalondola?”

Masamu ake analibe vuto. Chimene chinandikayikitsa chinali deti. Lachisanu limenelo linali litadutsa kale Lamulungu lachiwiri la Malichi, kutanthauza kuti Los Angeles sinalinso pa PST, inali italowa pa PDT, UTC-7. Anthu ambiri ku America amalemba PST kapena EST chaka chonse mwachizolowezi, pomwe akutanthauza nthawi imene wotchi ya kwawo ikunena tsikulo. Ngati wolemba uja ankatanthauza 7 koloko ya pawotchi ya ku Los Angeles, ndiye kuti konsati inali ya 02:00 UTC, kwathu 4 koloko m'bandakucha, osati 5.

Sitinalimbane ndi kulota. Tinatsegula tsamba limene anagulapo tikiti, ndipo panali kawotchi kowerenga chobwerera, kosonyeza masiku ndi maola otsala kuti ziyambe. Tinaphatikiza maola otsalawo pa nthawi imene foni inkanena pomwepo, yankho linatuluka 4 koloko. Kawotchi kotereka ndimakakhulupirira kuposa chithunzi, chifukwa kamawerengera pa nthawi yeniyeni imene okonza anaika m'makina, pamene chithunzi chimalembedwa ndi dzanja la munthu. Konsatiyo inali ya ola limodzi ndi theka, ndipo tikiti yake sinkalola kuoneranso pambuyo. Akanadzuka 5 koloko akanapeza nyimbo zomalizira zokha. Pamene palibe kawotchi kotere ndipo zilembo zikukayikitsa, ine ndimatenga nthawi yoyambirira pa ziwirizo. Kudikira ola limodzi n'kopiririka.

Zilembo zofupikitsazi zili ndi vuto linanso: zina zimaimira madera angapo otalikirana. CST ikhoza kukhala nthawi ya pakati pa United States, UTC-6, kapena nthawi ya ku China, UTC+8. Pakati pa ziwirizi pali maola 14. IST ikhoza kukhala ya ku India, ya ku Israel kapena ya ku Ireland. Choncho ndikaona zilembo zimene sindikuzidziwa bwino, ndimazisiya n'kufunsa kuti chochitikacho chili mumzinda uti. Dzina la mzinda ndi deti sizinama. Ya ku India ili ndi chakenso, chifukwa ili ndi theka la ola, UTC+5:30. Fainolo ya kiriketi ya chikho cha dziko lonse ya pa 19 Novembala 2023 ku Ahmedabad inayamba 2 koloko masana kumeneko, yomwe ndi 08:30 UTC, kwathu 10:30 m'mawa. Woiwala thekalo amachedwa kapena kufulumira ndi mphindi 30.

Samalaninso ndi nthawi yolembedwera owonera a dziko lina osati a kumene kuli bwalo. Nyumba zoulutsa mawu za ku America zimakonda kulemba ET ngakhale masewero ali kumadzulo kwa dzikolo kapena kunja. Super Bowl ija inaseweredwa ku New Orleans, komwe wotchi inkati 5:30, koma paliponse ankalemba 6:30 ET. Munthu wotenga 6:30 n'kuiwerengera ngati nthawi ya ku New Orleans akanachedwa ndi ola. Lamulo lake n'losavuta: ngati zilembo zilipo ndipo n'zomveka, tsatani zilembo, ngati palibe, nthawi zambiri imakhala ya kubwalo, koma tsimikizani pa tsamba la eni mpikisano.

Madeti nawo ali ndi kamsampha kawo. Ku America amayamba kulemba mwezi kenaka tsiku, ndiye `03/04` kwa iwo ndi 4 Malichi pamene kwa ambiri a ife ndi 3 Epulo. Ngati tsiku la pamlungu lalembedwa, yang'anani pakalendala kuti ndi deti liti pa awiriwo limene likugwera tsikulo. Komanso `12AM` ndi pakati pa usiku, poyambira tsiku lotchulidwalo, pamene `12PM` ndi masana. Cholengeza chikati `Friday 12AM`, ndi usiku wa Lachinayi kuchera Lachisanu wa kumeneko.

Wina angafunse kuti bwanji osangosiyira foni zonsezi. Foni ndimaigwiritsa ntchito, ndipo imathandiza kwambiri, bola mukudziwa pamene ingakusocheretseni. Masamba ndi mapulogalamu ambiri a zamasewero amasintha okha nthawi kuti igwirizane ndi dera limene foni yanu yaikidwa. Zimenezi zili bwino ngati foniyo ili pa dera lolondola. Mnzanga wina anali ndi foni yogula kwa munthu wochokera kunja. Nthawi anaikonza pamanja moti inkanena zoona, koma dera linatsala la dziko lakalelo. Wotchi yake inali yolondola, koma nthawi iliyonse ya masewero imene pulogalamu inkamuonetsa inali yophonya. Lowani pa `Date and time` muone mzere wa `Time zone`. Pazioneka mzinda wa m'dera lanu kapena GMT+02:00 ngati muli pa nthawi ngati yanga. Ngati mumagwiritsa ntchito VPN, dziwani kuti masamba ena amaganiza kuti muli m'dziko limene VPN yakudutsitsani, n'kukupatsani nthawi ya kumeneko.

Choopsa kwambiri ndi chithunzi chojambulidwa pafoni ya munthu wina n'kutumizidwa pagulu. M'bale wanu ali ku London akajambula ndandanda ya masewero pa foni yake, nthawi zonse zili pamenepo ndi za ku London, ndipo kawirikawiri sipakhala chilembo chilichonse chosonyeza zimenezo, chifukwa pulogalamuyo inkalankhula ndi iye yekha. Chithunzicho chikadutsa m'mafoni asanu palibenso wodziwa kumene chinachokera. Ine ndikalandira chotere ndimachiyesa ndi masewero amodzi amene nthawi yake ndikuidziwa kale. Akaphonya ndi ola, ndimadziwa kuti ndandanda yonseyo ndi ya wotchi ina.

Njira ya pafoni imene ndimaikonda ndi ya kalendala. Polemba chochitika chatsopano, makalendala ambiri amalola kusankha dera la nthawi. Ndimalemba deti ndi ola ndendende mmene eni ake alengezera, n'kusankha mzinda wa kumeneko, mwachitsanzo New York. Ndikasunga, kalendala imaonetsa chochitikacho pa tsiku ndi ola la kwathu, ndipo imawerengera yokha kusuntha kwa mawotchi kwa pa deti limenelo. Kenaka ndimayerekeza ndi zimene ndapeza papepala. Zikagwirizana, mtima umakhala pansi. Zikasiyana ndi ola limodzi ndendende, pafupifupi nthawi zonse nkhani imakhala ya wotchi ya m'chilimwe ija. Zikasiyana ndi maola ochuluka, ndiye kuti pena ndachotsa pofunika kuwonjezera, ndipo kayezedwe kachangu ndi kungodzifunsa kumene kuli dzuwa: ngati malowo ali kumadzulo kwa ife, kwathu kuyenera kukhala kutada kwambiri kuposa kwawo.

Mukapeza ola lolondola, patsala funso lina: ola limenelo ndi la chiyani? Pa fainolo yaikulu pamakhala nthawi zingapo. Pali nthawi imene kanema amayamba kuulutsa, akatswiri akukambirana mu situdiyo, yomwe imatha kukhala ola limodzi kapena awiri mpira usanayambe. Pali nthawi ya mwambo wotsekera mpikisano. Ndiye pali nthawi imene woyimbira amaimba wezulo woyambira mpira, imene pa zolengeza amailemba `kick-off`. Pa konsati ya pa intaneti, mawu akuti `doors` kapena `pre-show` amanena nthawi imene tsamba limatseguka kuti anthu alowe, osati imene woimba amakwera pa nsanja. Nkhonya ndiye zovuta kuposa zonse, chifukwa nthawi yolengezedwa imakhala ya nkhonya zoyambirira, ndipo akatswiri amene mukuwadikira amalowa zinazo zikatha, mwina patapita maola atatu kapena kuposa. Pamenepo palibe angakupatseni mphindi yeniyeni.

Ngakhale nthawi ya wezulo imatha kusuntha pa tsikulo. Fainolo ya Champions League ya pa 28 Meyi 2022 ku Paris, ya Real Madrid ndi Liverpool, inachedwa ndi mphindi zoposa 30 chifukwa cha mavuto a pa zipata zolowera. Ya ku Miami ija nayo inachedwa koposa ola limodzi chifukwa cha chipwirikiti cha anthu pa zipata. Ife tinali titakhala kale pa 2 koloko, ndipo mpira utalephera kuyamba, mauthenga anayamba kulowa ofunsa ngati ndawerengera bwino. Pamenepa m'pamene kudziwa mawerengedwe kumathandiza, chifukwa munthu wongouzidwa ola amayamba kukayika n'kukagona. Kanema ankaonetsa bwalo, kunja kwa Miami kukuda, ndipo wotchi ya New York pafoni inkati 8 koloko yadutsa. Zinali zoonekeratu kuti wachedwa ndi mpira, osati ife. Unayamba 3 koloko yathu itadutsa, unapita ku nthawi yowonjezera, ndipo Lautaro Martínez anagoletsa chigoli chopatsa Argentina chikho kuli pafupi kucha. Amene akudzuka kupita kuntchito m'mawa mwake aziwerengeratu zimenezi: fainolo ya mpira ikafika pa nthawi yowonjezera ndi mapenate imatha kudya pafupifupi maola atatu.

Chizolowezi nacho musachidalire kwambiri. Kwa zaka zingapo mpaka 2025 fainolo ya Champions League inkatipeza 9 koloko usiku, kaya ili ku London komwe wotchi inkati 8 koloko mu 2024, kaya ku Istanbul komwe inkati 10 koloko mu 2023. Koma UEFA inalengeza kuti kuyambira ndi fainolo ya pa 30 Meyi 2026 ku Budapest, mpira uziyamba 18:00 CEST, yomwe kwa ife ndi 6 koloko madzulo. Munthu wobwera 9 koloko chifukwa ndi mmene zimakhalira chaka ndi chaka angapeze anthu akubalalika.

Pomaliza pali alamu ya pafoni, imene yagonetsa anthu ambiri amene anawerengera zonse molondola. Ngati masewero ali 2 koloko usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba ndipo mukutchera alamu yosankha masiku, chongani Lolemba, osati Lamulungu, ndipo onetsetsani kuti ndi `AM`. Mafoni ambiri mukangotchera amalemba kuti alamu ilira pakapita maola akuti. Werengani mzere umenewo. Ngati mukutchera 11 koloko usiku kuti mudzuke 1:30, uyenera kunena maola awiri ndi theka. Ukanena maola 14 ndi theka kapena masiku asanu ndi limodzi, konzani musanagone. Ine ndimatchera kutatsala theka la ola pa mpira, ndipo pa konsati ya pa intaneti ndimawonjezera nthawi, chifukwa pamafunika kulowa ndi dzina ndi nambala yachinsinsi, nthawi zina kudikira uthenga wotsimikizira, pamene anthu zikwizikwi akulowanso pa khomo lomwelo. Masana a tsikulo ndimatsegulanso tsamba la eni chochitikacho kuti ndione ngati sanasunthe nthawi, makamaka pa tenisi ndi kiriketi zimene mvula imatha kuzisokoneza, kenaka ndimatumiza pagulu uthenga umodzi wokhala ndi tsiku la pamlungu, deti, ola, ndi mawu oti iyi ndi nthawi ya kwathu.